Mafulemu Sikisi a Mayi Muhiwa

Kuseri kwa msika wa pa Boma pa Chiradzulu, pakati pa telala ndi sitolo ya mankhwala a mbewu, pali kachipinda ka chitseko chobiriwira. M'menemo ndi mogwirira ntchito Mtisunge Muhiwa. Pakhomo adalemba kuti amajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, koma kujambulako n'kwa tsiku limodzi chabe. Ntchito yeniyeni ndi yodula. Amakhala pa kompyuta, mahedifoni m'makutu, n'kumadula zithunzi ndi kuzilumikiza kuti phazi la wovina ligunde pansi nthawi yomwe ng'oma ya m'nyimbo ikugunda. Anthu amamuti Mti wa mavidiyo. Ena amangoti uja wosayankha moni, chifukwa ukam'peza atavala mahedifoniwo umapereka moni mpaka kukhosi kuuma.

Mtisunge ndi wa ku Milepa. Fomu folo sinamuyendere bwino, ndipo adapita ku Limbe kukakhala ndi azakhali ake, komwe adapeza ntchito yonyamula zingwe ndi mabatire kwa bambo wina wojambula maukwati. Palibe adamukhazika pansi kumuphunzitsa. Adangoba ndi maso, zaka zinayi, kufikira tsiku lomwe abwanawo adazindikira kuti makasitomala akufuna vidiyo yodula mtsikanayo osati iwo. Nkhope ya abwanawo idasintha, ndipo Mtisunge adanyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo. Tsopano ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, mwana mmodzi, ndi khutu lomwe sililola cholakwa kudutsa. Khutulo amati adatengera mayi ake, a Sellina Muhiwa, omwe adayambitsa kwaya ya amayi ya Betaniya ku Milepa iye akadali kumsana.

Kwa zaka makumi atatu a Sellina akhala akuima kumapeto kwa mzere wakutsogolo, kumanzere. Malo amenewo si a aliyense. Woima pamenepo ndiye amayamba sitepe, ena onse n'kutengera kwa iye. Amuna awo atamwalira, mwana wawo wamwamuna atapita ku Joni osatumiza ngakhale moni, a Sellina sadagwe, chifukwa Lachinayi lililonse ndi Lamulungu lililonse malo aja amawadikira.

Mu Julaye kwayayo idakhazikitsa chimbale chake mu holo ina pa Boma. Amayi makumi awiri ndi anayi, mipango yoyera, zitenje zofanana, kumbuyo kwawo katani wabuluu. Adaimba motsatira nyimbo yomweyo ya ku situdiyo ikulira pa masipika, choncho liwiro la pa siteji ndi la pa chimbale lidali limodzi. Mtisunge adaimika kamera yake pa miyendo itatu kutsogolo kuti itenge mzere wonse, ndipo Sharif, mnzake wojambula zithunzi za ziphaso, amazungulira ndi kamera yachiwiri m'manja. Wapampando wa kwaya, a Dainess Chikopa, adali atagwirizana ndi bambo wina wa pa TV ku Blantyre kuti adzaonetsa nyimbo imodzi ikafika pasanathe sabata ziwiri. Adasankha "Pakhomo Panu Mbuye", yomwe adapeka a Sellina.

Lolemba m'mawa Mtisunge adayamba monga amachitira nthawi zonse. Adaika nyimbo ya ku situdiyo pansi, mafunde a mawu akuoneka, ng'oma iliyonse itatumphuka ngati kachulu. Adaiseweretsa akugunda batani la M pa ng'oma iliyonse kuti pakhale chizindikiro. Nyimboyo imagunda ka handiredi pa mphindi, kamera imatenga mafulemu, tizithunzi totsatizana topanga vidiyo, twente-faifi pa sekondi, ndiye kuti pakati pa ng'oma ndi inzake pali mafulemu fifitini. Kenako adakokera pamwamba zithunzi za kamera yake, nafananitsa phokoso lomwe kamerayo idatola mu holo ndi nyimbo yoyera ija mpaka timachulu tonse tidagwirizana.

Atayamba kuonera adamwetulira. Mapazi amatsika pamodzi, mapewa amapendekera pamodzi. Koma diso lake limangothawira kumanzere. Adaimitsa pa chizindikiro, pomwe ng'oma yagunda. Mapazi makumi awiri ndi atatu adali pansi. Phazi limodzi lidali m'mwamba.

Adasuntha fulemu imodzi imodzi akuwerenga. Phazi la mayi ake lidafika pansi pa fulemu ya sikisi. Adapita pa ng'oma ina, sikisi. Adalumphira ku kolasi, sikisi. Potembenuka zidafika naini. Ndipo pakati pa nyimbo, pomwe zida zonse zimakhala chete kwa ng'oma ziwiri amayi onse n'kuuma ngati adzalidwa, a Sellina adaponyanso sitepe ina okhaokha, akumwetulira.

Mtisunge adayamba wanyoza kamera. Adanyoza kompyuta, adanyoza Sharif amene sadalakwe kanthu. Kenako adatsegula zithunzi za Sharif zapafupi nakuza nkhope ya mayi ake. Maso awo sadali kwa anthu. Adali kumbali, pansi, pa mapazi a a Dainess. Milomo nayo imatsatira milomo ya a Dainess. Woyambitsa sitepe uja amabera sitepe kwa mnzake. Pamenepo Mtisunge adakumbuka ma "ati?" onse a chaka chino, foni yomwe imalira pa mkeka iwo ali pompo osaitola, wailesi yomwe adaileka kuti imangosokosa. Iye, amene amamva ng'oma ikachedwa ndi fulemu ziwiri, sadamve kuti mayi ake akugontha. Manyazi adamugwira, ndipo mantha adabwera pambuyo pake.

Lachiwiri lonse adalimbana nazo. Adasunthira chithunzi chonse mafulemu sikisi m'mbuyo: mayi ake adalowa m'nyimbo bwinobwino, amayi makumi awiri ndi atatu n'kukhala othamanga. Adayesa kucheka chithunzicho pawiri, kuti mbali ya mayi ake isunthe yokha, poti kamera idali chiimire. Zikadatheka pakadakhala mpata, koma pa sitepe iliyonse mkono wawo umadutsa pa phewa la a Dainess, ndipo pamalo ochekapo mkonowo umaduka n'kumera pena. Adayesa kukuza chithunzi kuti atsale okha, nkhope idasungunuka ngati yojambula ndi foni ya mabatani. Zapafupi za Sharif zomwe mudali a Sellina okha zidangokwana masekondi anayi. Adachedwetsa kachigawo kamodzi kuti kayende mwapang'onopang'ono, pomwe kuchedwa sikuoneka, koma nyimbo ya mphindi zisanu sungaiyendetse yonse ngati anthu ali m'madzi. Pofika masana mutu udali ukuwawa, ndipo telala adasuzumira kufunsa ngati kwagwa zovuta, chifukwa adamumva akulankhula yekha.

Lachitatu a Dainess adatulukira, thukuta lili kamukamu, atachokera ku chipatala kukaona wodwala.

"Ndati ndidzere, ndione pomwe wafika. Bambo a pa TV aja aimbanso foni dzulo."

Mtisunge adafuna kuzimitsa, koma adachedwa. A Dainess adakhala pa benchi naonera mpaka pomwe zida zimakhala chete. Sadadabwe. Adangopukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Mumadziwa?" adafunsa Mtisunge.

"Mwanangu, ine ndi amene ndimaima nawo. Maso a munthu akakhala pa mapazi ako umawamva. Chaka chatha chonse."

"Nde osanena bwanji?"

"Tinene kuti chiyani? Kwayayi anaiyamba ndi iwo pansi pa mtengo wa mango, ife tili atsikana. Ku komiti nkhaniyi yabwera kawiri, akuti tiwapemphe akhale alangizi, azikhala pa benchi. Ine ndakhala ndikukana. Koma izi," adaloza kompyuta, "izi zikapita pa TV chonchi, aseka ndi Chiradzulu yense, mpaka ku Ndunde. Pa siteji anthu amaona kamodzi n'kuiwala. Apa azibwereza, azitumizirana pa foni. Ukuwadziwa anthu."

"Ndikonza."

"Olo ungowachotsa, Mti."

"Ndiwachotse m'nyimbo yawo yomwe? Adzafunsa chifukwa, nde mudzawayankha ndinu?"

A Dainess adanyamuka pa benchi. "Loweruka masana tidzaonera tonse ku tchalitchi tisanatumize. Zikadzaoneka chonchi pamaso pa komiti, ine sinditha kuwatchinjirizanso. Ndakuuziratu."

Atachoka, Mtisunge adatseka chitseko nalira. Sichidali chifukwa cha vidiyo. Adadziwa kuti akawakhazika pa benchi mayi aja, pakhomo paja sipadzatsala chowadzutsa m'mawa.

Lachinayi adabwereka nsalu yabuluu kwa telala, yofanana pang'ono ndi katani wa mu holo. Adanyamula kamera, miyendo yake, ndi kasipika kake, nakwera minibasi, kenako kabaza mpaka ku Milepa. Adawapeza mayi ake ku dimba akuthirira mpiru. Adawaitana kawiri ali kumbuyo kwawo, osatembenuka. Adazungulira n'kuima kutsogolo.

"Iii, Mti! Umangotulukira ngati wakuba bwanji?"

Bodza adali atalikonza kale m'njira. Adalankhula mokweza, akuwayang'ana kumaso. "Kamera ya Sharif inagwedera, mayi. Ndikufuna zithunzi zanu zapafupi, poti nyimboyi munapeka ndinu. Kavaleni yunifolomu."

A Sellina adasangalala ngati mtsikana. Adasamba, adasita mpango, adadzola mafuta mpaka Mtisunge adachita kuwapukuta pamphumi kuti pasanyezimire. Ku tchalitchi kudalibe munthu, poti kwaya imakumana madzulo. Adakhoma nsalu ija pa khoma, nawaimika patsogolo pake pomwe kuwala kwa pa zenera kumafika bwino. Adayatsa kamera, naika kasipika pa benchi, mawu mpaka kumapeto, kuti kamera itole nyimboyo yodzafananitsira.

Nyimbo idayamba. Ng'oma zinayi zidadutsa, zisanu ndi zitatu, mawu oyamba adalowa. A Sellina adaima chilili, manja atakonzeka, akumwetulira kamera. Maso awo adapita kumbali, komwe kumaima a Dainess. Kudalibe munthu.

"Wayatsa?" adafunsa.

Mtisunge adabisa nkhope kuseri kwa kamera. "Inakanirira, mayi. Kasipika aka n'kopusa. Tiyeni ndizikuwerengerani ndi dzanja."

Adayambitsanso nyimbo, nakweza dzanja pafupi ndi diso la kamera kuti maso a mayi ake asagwe pansi. Dzanja limatsika pa ng'oma iliyonse. Sizidakwane, chifukwa dzanja silinena phazi loyamba ndi liti. Ndiye adavula nsapato navina yekha kuseri kwa kamera, mosemphanitsa, iye kumanja kuti iwo apite kumanzere, akutsegula pakamwa kwambiri kuti awerenge mawu pa milomo yake. Akatembenuka amamutaya, ndiye adawauza kuti zotembenuka azisiye, ali nazo kale. Ulendo woyamba adasokonezeka pa kolasi. Wachiwiri nsalu idagwa. Wachitatu batire idayamba kuphethira. Pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi onse awiri adali atanyowa, ndipo pomwe zida zimakhala chete Mtisunge adafumbata dzanja ng'oma isanakwane, a Sellina n'kuima nji.

"Ndakhoza?" adafunsa akupuma mwabefu.

"Mwakhoza, mayi."

"Iwenso umatha, eti. Ungovuta kubwera ku kwaya."

Lachisanu adadula. Mayi ake amachedwabe, pena mafulemu faifi, pena seveni, koma tsopano adali okha m'chithunzi, ndipo munthu akakhala yekha umamusuntha mmene ukufunira. Adawadula tizidutswa tifupitifupi, ng'oma zinayi, ng'oma zisanu ndi zitatu, kachidutswa kalikonse n'kukakankha mpaka phazi ndi milomo zidakhala pa chizindikiro. Adasintha mtundu wa nsalu ya telala kuti ufanane ndi katani. Kudatsala zithunzi za mzere wonse. Adakuza chithunzi pang'ono, nachikankhira kumanzere mpaka malire ake adadutsa pa phewa la a Dainess. A Sellina adatuluka kunja. Pomwe mkono wawo umalowabe, amadulira kwa anthu oombera m'manja kapena kwa woimba kiyibodi. Atamaliza adawerenga: mayi ake amaoneka ka fotini, kuposa wina aliyense, ndipo paliponse adali pa ng'oma ndendende. Adaonera katatu kufuna cholakwa, sadachipeze.

Loweruka masana amayi adatchinga mazenera a tchalitchi ndi zitenje, TV yobwereka kwa aphunzitsi ili pa tebulo. Mtisunge adaima kumbuyo. Nkhope ya a Sellina itangodzaza TV yonse, nthungululu idaphulika. "Amake Mti! Onani amake Mti!" Wina amadziloza yekha, wina amadandaula kuti mpango wake udapendekera. Pomwe zida zimakhala chete, mzere wonse udaima kamodzi, kenako a Sellina okha ataima nji, ndipo mlembi wa komiti, mayi wovuta kwambiri, adaomba m'manja. A Dainess adatembenuka nayang'ana Mtisunge, maso ali ndi misozi, nagwedeza mutu. Nkhani ya benchi idafera pomwepo.

"Tabwereza," adatero a Sellina. Adasendeza mpando kufupi ndi TV. Ulendo uno sadaseke pomwe anzawo amaseka. Idatha, nati, "Tabwerezanso."

Pobwerera kunyumba Mtisunge adanyamula chikwama, mtima uli mbee koyamba sabata yonseyo. Adadutsa pa mjigo, adadutsa pa munda wa nandolo. Pafupi ndi nyumba a Sellina adaima natembenuka kuti aone pakamwa pa mwana wawo.

"Mzere uja unayenda bwino."

"Unayenda, mayi."

"Zaka zonsezi ine sindinauonepo ndili kutsogolo kwake. Lero ndauona. Ngati munthu mmodzi." Adadziloza pachifuwa. "Ine munalibemo."

"Munalimo! Ka fotini, ndinachita kuwerenga. Palibe anaoneka ngati inu."

"Ndinadziona. Ndekhandekha ngati wowerenga nkhani. Nsalu ija ndi ya Lachinayi, Mti, ndinathandiza kukhoma ndine. Usandiyese mwana."

Mtisunge adayang'ana pansi. Mayi ake adamugwira chibwano namudzutsa nkhope.

"Ndiyang'ane, ukayang'ana pansi sindikumva. Ndimachedwa kwambiri?"

"Pang'ono."

"Usandinamize."

"Mafulemu sikisi. Nthawi yongophethira diso, mayi, basi."

"Nde kuphethirako kumaoneka?"

Akadatha kunama. Adali atanama sabata yonse, ndi pakamwa ndi pa kompyuta. Koma maso aja adali pa milomo yake, akudikira.

"Kumaoneka."

A Sellina adagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Khutu lakumanzereli linafa kalekale. Linzakeli limangolira, masipika aja ndimawamva ngati chigayo chili kutsidya. Ndimati poti masitepe ndi anga, palibe akudziwa." Adaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Kani Dainess wakhala akundinyamula."

"Tipite ku Blantyre, mayi. Kuli timakina toika m'khutu, anthu akumva nato. Lolemba lomweli ndikutengani. Ndipo komiti yakhutira, munaona nokha, palibe akuchotsani. Vidiyo ina ikadzabwera ndidzakonzanso, ndikonza zonse, ingondisiyirani ine."

"Ku Blantyre tidzapita. Koma Lamulungu ukonza bwanji? Uzidzaima kutsogolo kwa guwa n'kumavina wopanda nsapato?"

Mtisunge adachonderera mpaka pakhomo. Adachonderera akusenda mbatata, adachonderera akutsuka mbale. Adanena kuti adalakwitsa kuwerenga, kuti ena amachedwanso, kuti TV ya aphunzitsi ndi yakale. A Sellina adangotembenuzira nkhope kumbali, ndipo munthu wotere akatembenuka nkhani yatha. Mtisunge adakwiya, osadziwa wokwiyira. Adafuna kuti mayi ake atsale pa mzere, ndipo ndi manja ake omwe adawaonetsa kukongola kwa mzerewo iwo palibe.

Lamulungu m'mawa adawaona akusita yunifolomu, mtima wake n'kudumpha. Adavala mpango woyera, chitenje cha kwaya, nayenda ku tchalitchi mwachangu monga mwa masiku onse. Adakhala pa benchi ya kwaya, malo awo akumapeto. Mtisunge adakhala mzere wachitatu kumbuyo kwawo, akupemphera pemphero lopanda mawu enieni.

Itakwana nthawi, mlembi wa mpingo adaitana kwaya ya amayi ya Betaniya. Amayi adanyamuka napita kutsogolo, aliyense pamalo pake. A Dainess adaima pachiwiri, nasiya mpata wa munthu mmodzi kumanzere kwawo. Woimba kiyibodi adaika zala, nadikira. Tchalitchi chonse chidadikira.

A Sellina adali chikhalire, msana uli chiwongokere, manja pa maondo.

"Amake Mti," adaitana a Dainess chapansipansi, ataiwala kuti sangamveke. Kenako adawakodola ndi dzanja.

Mtisunge adadzuka theka, osadziwa ngati akufuna kukawadzutsa kapena kuthawira panja. A Sellina sadamuyang'ane. Adakweza dzanja lamanja, nalikankhira kumbali kawiri, monga amachitira pa maphunziro a Lachinayi mzere ukakhala ndi mpata.

A Dainess adayang'ana mpata uja. Kenako adasendera kumanzere, ndipo amayi onse adasendera nawo.